Ndakonza nambala imodzi mu kontirakiti, loya wakwiya

MkonziWotopa: Anzanga ndithandizeni. Kasitomala wandipatsa kontirakiti ya masamba 14 kuti ndiwerenge pulufu basi. Pa ndime 7.2 palembedwa kuti mgwirizano ungathetsedwe popereka chidziwitso cha "masiku makumi atatu (60)". Ine ndasintha 60 kukhala 30, Track Changes ili yoyatsa. Loya wawo wandiimbira mokalipa, akuti anagwirizana 60, cholakwika chinali mawuwo. Ndiye ndikanangozisiya? Pulufu imathera pati kwenikweni?

Wazilembo: Simunalakwe akulu. Mawu ndi manambala zikasemphana, mawu ndi amene amapambana. Aliyense amadziwa.

MayiWaMalamulo: Mfundo imeneyo ilipodi, koma ndi ya khoti pomasulira chikalata chosainidwa kale anthu akayambana. Ichi sichinasainidwe, eni ake alipo, afunseni. Wa pulufu amakonza chomwe yankho lake ndi limodzi lokha: chilembo chosowa, mawu obwerezedwa mwangozi, nambala ya tsamba. Apa mayankho anali awiri, ndipo lolondola silinali papepalapo, linali m'zokambirana zawo. Mukanaika komenti yoti "mawu akuti 30, nambala ikuti 60, cholondola n'chiti?" osakhudza chilichonse.

Mkonzi wa chiyankhulo amapitirirako pang'ono. Amawongola chiganizo chopindika, amaona ngati mawu omwe anatanthauziridwa koyambirira akugwiritsidwa ntchito mofanana mpaka kumapeto. Koma akafika pa "ayenera" ndi "angathe", kapena "ndi" ndi "kapena", aime. Pamenepo mukusintha udindo wa munthu. Zoti masiku 60 akumuteteza kasitomala kapena lamulo likuwalola, n'za loya yekha.

Chikomeni: Ine zinandionekerapo. Ndinatopa ndi liwu loti "Katundu" lobwera kasanu m'ndime imodzi, ndiye pena ndinaika "zipangizo" kuti zimveke bwino. Loya anati ndalenga chinthu chachiwiri chomwe inshuwalansi ya m'ndime 11 sikuchikhudza. Ndinachita manyazi kwambiri. Ngakhale koma, kachizindikiro kopumira m'chiganizo kaja, muziiopa. Ku Canada mu 2006 makampani a Rogers ndi Aliant anakanganirana koma imodzi yokha ya mu kontirakiti, ndipo chigamulo chinasintha mu 2007 atawerenga kope la Chifalansa.

Wazilembo: Komabe pa nkhani iyi mawu amapambana. Bwanji loyayo sanaione yekha?

Ongoyamba: Pepani akuluakulu, kodi ntchito zitatuzi mumalipiritsa mtengo umodzi?

MayiWaMalamulo: A Wazilembo, zikanasainidwa ndi 30 kasitomala akanataya mwezi wathunthu wa chidziwitso. Chenjeraninso ndi manambala a ndime. Mukapeza ndime 12 ikulozera ku 9.3 yomwe kulibe, musaganizire nokha kuti ndi 9.2. Mwina ndime yathunthu inafufutika pokambirana.

Wazilembo: Nanga tikamafunsa chilichonse, akutilipira chiyani?

Chikomeni: A Ongoyamba, ayi. Ine ndimalemberatu mu imelo ntchito yomwe ndavomera, komanso kuti za malamulo sindikhudza.