Thandizeni: nkhope zikuda pazithunzi za kunyanja

Anzanga odziwa kujambula, ndithandizeni chonde. Loweruka masana ndinajambula mayi anga pagombe ku Makawa kuno ku Mangochi, kumbuyo kwawo kuli nyanja ndi thambo lowala. Chithunzicho thambo linaoneka bwino, koma nkhope yawo inada bii, maso osaoneka n'komwe.

Nditadina pankhope ndi kukokera kachizindikiro ka dzuwa m'mwamba, nkhope inawala, koma nditasuntha foni pang'ono kuwalako kunabwerera pakale. Ndinayesanso Pro, n'kuika EV pa +2: nkhope inaoneka, koma thambo ndi madzi zinangoyera mbee, mitambo yonse kusowa.

Kodi +1 ingakwanire dzuwa likakhala paliwombo? Nanga ndingatseke bwanji kuwalako kuti kusamasinthe ndikasuntha? Mayi abwerera kumudzi Lachisanu, ndiye ndikufunitsitsa chithunzi chawo chooneka bwino.