Mnyamata wayamba zitsulo, manja alemera

Kochi wa ku Ndirande: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi mnyamata wa zaka 19, amamenya pa makilo 60. Mu nkhonya za amachuwa, maraundi atatu a mphindi zitatu, anzake akamugwira amangomukankha ngati thumba la madeya. Anayamba zitsulo masabata asanu ndi limodzi apitawo, kanayi pa sabata: benchi, za mikono ndi za mapewa, maseti 4 a ka 12 mpaka chitsulo chitakana kukwera. Pano sikelo ikuti 62.5, chibakera chikuchedwa kubwerera, ndipo raundi yachitatu magolovesi amakhala ali pachifuwa.

Bambo wa kareti, Zomba: Musiyitseni lero lomwe. Zitsulo zimaumitsa thupi, aliyense akudziwa. Mapushapu ndi chingwe zakwana.

Kochi wa ku Kawale: Ayi bambo, chitsulo sichinalakwe, walakwa ndi manyamulidwe. Ka 12 mpaka kulephera ndi manyamulidwe a anthu ofuna kutupa minofu, ndiye watupadi. Komanso akutopetsa mapewa kanayi pa sabata, mapewa omwewo amene akufunika pa thumba madzulo. Amene akumukankha uja sakumuposa mikono, akumuposa miyendo ndi chiuno.

Mutsitseni afike kawiri pa sabata, mphindi 40 zokha. Ayambe ndi kulumpha, maseti 3 a ka 3, thupi lisanatope. Kenako sikwati, maseti 3 a ka 4 kapena ka 5, ndi chitsulo choti akanatha kuchinyamula ka 7. Awiri kapena atatu otsalawo asawagwire, ndi amene akumusungira liwiro. Pakati pa maseti apume mphindi zitatu zathunthu, ngakhale aziona ngati akuchita ulesi. Akatero adzikoke pa chitsulo chopingasa, maseti 3 a ka 5, n'kumaliza ndi benchi maseti 2 okha. Tsiku lachiwiri la zitsulo m'malo mwa sikwati anyamule chitsulo kuchokera pansi, msana uli wowongoka. Potsitsa azitsitsa mofatsa, pokweza azikweza mwaukali. Mukaona kuti chitsulo chayamba kukwera mokwawa, seti yatha, ngakhale nambala isanakwane. Mphamvu za mtundu uwu zimabwera makamaka chifukwa thupi laphunzira kugwiritsa ntchito minofu imene lili nayo kale, n'chifukwa chake sikelo siyenda kwambiri.

Mlongo wa ku Mzuzu: Nanga kumenya mphepo atagwira timadambelo ta makilo atatu? Kuno ambiri amatero kuti manja apepuke.

Kochi wa ku Kawale: Achemwali, dambelo imakokera pansi, pomwe chibakera chimapita kutsogolo. Zotsatira zake chigongono chimagwa, ndipo munthu amazolowera kuponya pang'onopang'ono. Kupepuka kumene amamva akaisiya n'kwa kanthawi. Bola mpira wolemera makilo atatu kapena anayi, aime cham'mbali, apotoze chiuno n'kuuponya kukhoma ndi mphamvu zonse, ka 5 mbali iliyonse. Ngati mulibe, ng'ambani mpira wakale, thiranimo mchenga, sokani.

Bambo wa kareti, Zomba: Za mpirazo ndavomera. Koma mpweya bwanji? Munthu wa sikwati mawa lake miyendo imakhala ngati zipika.

Kochi wa ku Kawale: Pamenepo mwanena zoona, ndipo ndi nkhani ya kandandalikidwe ka masiku. Asanyamule dzulo la tsiku loyeserera kumenyana. Ngati amayeserera Lachiwiri ndi Lachisanu, zitsulo zikhale Lachitatu ndi Loweruka. Kuthamanga asasiye, koma zikagwera tsiku limodzi ndi zitsulo pakhale maola asanu ndi limodzi pakati. Sabata ziwiri zoyamba miyendo iwawa ndithu, ndiye yambani ndi maseti awiri. Kuwawako kukapitirira sabata yachitatu, mwachulukitsa.

Kochi wa ku Ndirande: Ndidziwa bwanji kuti liwiro silikuthawa? Maso amanama.

Kochi wa ku Kawale: Lolemba lililonse, akatenthetsa thupi, alumphe kutsogolo ataimirira malo amodzi, katatu, mulembe pansi ndi choko pamene wafika patali. Kenako muwerenge zibakera zowongoka pa thumba kwa masekondi 10. Zonse ziwiri zikatsika masabata awiri otsatizana, chotsani seti imodzi pa chilichonse musanaganize zina. Nkhonya ikayandikira, tsiku lomaliza la zolemera likhale masiku 7 mpaka 10 isanachitike, atsale ndi kulumpha ndi mpira basi.

Mlongo wa ku Mzuzu: Ine masiku 10 ndikuona kuti achuluka kwa mwana wa zaka 19, amachira msanga. Asanu akwana.

Kochi wa ku Kawale: Mwina, akazolowera. Uyu sanazolowere.

Kochi wa ku Ndirande: Ndamva. Vuto latsala n'lakuti zitsulo zathu ndi za simenti yothira m'zitini, mbali ina imalemera kuposa inzake. Mawa ndikaziyeza pa sikelo ya chimanga. Koma za makilo awiri ndi theka aja simunandiyankhe, adzatsika okha kapena tikhudze nsima?