Mbuzi zitatu, dzina limodzi: tilembe bwanji m'kaundula?

Mlangizi wa ziweto, Ntcheu: Akuluakulu anzanga, ndithandizeni nzeru. Gulu lina la alimi limene ndimaliyendera linalandira tonde wachizungu, woyera thupi koma wofiira mutu, ndipo ana ake ambiri anatengera bambo wawo. Lero khola limodzi lili ndi misoti itatu yotchedwa Chipewa. Pomwetsa mankhwala a njoka zam'mimba mwezi watha, mnyamata wobusa anandigwirira Chipewa mmodzi kawiri, wina osamwa konse, ndipo ndinazindikira nditaona kuti m'kaundula muli mbuzi 14 pamene zopakidwa utoto pamsana zinali 13.

Mlimi wa ng'ombe zamkaka, Thyolo: Bambo mlangizi, maina asiyeni, ikani manambala kukhutu basi. Kuno ng'ombe iliyonse ili ndi nambala yake.

Mlangizi wa ziweto, Ntcheu: Manambalawo tinayesa, mayi, koma mbuzi zikalowa m'minga zimawathothola, ndiponso agogo eni khola sawerenga. Iwo amadziwa Chipewa, Mawanga ndi Waulesi.

Dotolo wa ziweto wopuma pantchito: Musachotse maina, chifukwa mwini mbuzi akabwera kudzanena kuti yadwala, adzatchula dzina osati nambala. Cholakwika n'kutcha dzina potengera chinthu chimene khola lonse lili nacho. Khalani pansi ndi agogowo, mugwire msoti uliwonse, mufunefune chimene uli nacho wokha komanso chimene sichidzasintha, monga kachigamba kakuda pabondo, khutu long'ambika kapena mzere woyera wotsika pamphumi. M'kaundula mulembe dzina, dzina la make, kenako chizindikirocho: "Chipewa wa Mawanga, bondo lakumanzere lakuda."

Koma amene wandidetsa nkhawa ine ndi Waulesiyo. Mbuzi sichita ulesi popanda chifukwa. Ngati imatsalira m'mbuyo popita kubusa, itsitseni chikope cham'munsi: mukapeza mkati motuwa m'malo mofiira, ndipo pansi pa chibwano patatupa ngati muli madzi, njoka zaimaliza magazi. Ndinaonapo mbuzi ikufa banja lonse likungoti ndi khalidwe lake, chifukwa dzina linali litaphimba matenda.

Woyendetsa ngolo, Mchinji: Pepani, ine ndiima pa maina a khalidwe. Ng'ombe yanga ndinaitcha Nkhanza chifukwa imaponda, ndipo waganyu aliyense watsopano akangomva dzinalo saidzera kumbuyo. Inzake ndi Phulusa. Pagoli maina awiriwa samveka mofanana, choncho ndikaitana imodzi inayo sisokonezeka.

Dotolo wa ziweto wopuma pantchito: Pa ng'ombe yokhwima yangolo mwalondola, achimwene. Koma yaikazi imene yangobereka imalusa poteteza thole lake, masiku akapita n'kufatsanso, ndiye musafulumire kuipatsa dzina laukali.

Mlangizi wa ziweto, Ntcheu: Zikomo nonse. Lachinayi ndikayamba ndi chikope cha Waulesi. Chondivuta n'chakuti misoti iwiri mwa itatuyo ndi mapasa, make mmodzi, ndipo agogo anakana kale kusintha dzina la uliwonse.