Pawabanki ya 50000mAh koma sikudzaza foni ngakhale kamodzi, ndithandizeni

Membala wosatchula dzina: Abale anga, ndibiseni dzina chifukwa mlamu wanga ali pagulu pano. Ndimagulitsa zovala za kaunjika kudzera pa foni, ndiye magetsi akazima bizinesi yaima. Sabata yatha ndinagula pawabanki kwa mnyamata wina ku Limbe, yolembedwa 50000mAh. Ndalama yake ndinachita kukatenga ku banki mkhonde, poti bambo akunyumba sanatumize kanthu kuchokera ku Joni chiyambire Isitala, ndipo pawabanki yanga yakale mlamu wanga anabwereka pa maliro mpaka lero. Ndaitchaja usiku wonse, timagetsi tonse tinayi tayaka, koma foni ikafika theka iyo yatha. Imatenthanso. Wogulitsa akuti foni yanga ndiyo yakalamba. Chithunzi ndi icho. Andibera kapena ndikulakwitsa penapake?

Bambo a Juniya: Mayi, mwataya ndalama! Ine ndimanena tsiku ndi tsiku pano, GULANI SOLA. Kapanelo kamodzi ndi batire, nkhani yatha. Timapawabanki tonseti ndi tabodza, palibe ngakhale kamodzi koona.

Nachisale: Mlamu wanuyo ndiye vuto. Katengeni yanu ija, maliro anatha kalekale.

Wokonza mafoni ku Ndirande: Mayi, chithunzi mwajambula kutsogolo kokha, pamene pali nambala yaikuluyo. Pamenepo sipatiuza kanthu. Jambulani kumbuyo pamene pali timalemba ting'onoting'ono, muiike pambali pa foni yanu tione kukula kwake, ndipo ngati pali sikelo ya pagolosale muiyeze.

Bambo a Juniya: Kuyeza chiyani? Ine ndinagula ya 10000mAh pasitolo yaikulu, ndi lisiti lomwe. Foni yanga ndi ya 5000mAh, ndiye imayenera kudzaza kawiri. Imadzaza kamodzi ndi theka. Akuba onse!

Wokonza mafoni ku Ndirande: Achimwene, yanuyo ndi yabwinobwino. Nambala ya 10000 amawerengera pa 3.7V ya batire la mkati, pamene moto wotuluka pachingwe ndi wa 5V. Pokweza motowo kuti ufike 5V, komanso foni ikamaulandira, wina umatayika ngati kutentha. N'chifukwa chake opanga achilungamo amalemba manambala awiri kumbuyo: 10000mAh ndi 37Wh, womwe ndi muyeso wa mphamvu yonse ya batire, kenako mzere wina wa `Rated capacity` wosonyeza moto umene umatulukadi, pafupifupi 6000mAh. Kamodzi ndi theka n'zimene muyenera kupeza. Ya mayiwa ikanakhala yoona bwenzi ikudzaza foni ngati yanuyo kasanu ndi kawiri.

Bambo a Juniya: Ndiye bwanji osalemba 6000 yomweyo kutsogolo? Kuba n'komweko.

Mphunzitsi wa ku Dedza: Ine yanga inagwa pansi n'kung'ambika. Mkati munali timabatire tinayi, koma kamodzi kokha ndiko kanali ndi mawaya. Titatu tinali todzaza mchenga, tongolemeretsa. Ndiye za sikelo mukunenazo ine sindikuzikhulupirira.

Wokonza mafoni ku Ndirande: Aphunzitsi, mwanena zoona, ndazionapo zotero. Sikelo imagwira bodza mbali imodzi yokha. Ikapepuka kwambiri ndi yabodza ndithu, koma ikalemera sizitanthauza kuti ndi yeniyeni.

Membala wosatchula dzina: Pepani ndinali kumsika. Ndinaiwala kunena kuti mwana wa achemwali anga anaitsegula kale Lamlungu ndi mpeni. Zithunzi ndi izi, kumbuyo ndi mkati. Kukula ndi ngati foni yanga yomweyi koma yonenepako.

Nachisale: Iii, mwatsegula? Ndiye wogulitsa uja wapeza pothawira.

Wokonza mafoni ku Ndirande: Mayi, izi n'zimene munayenera kuyambira. Tiyeni tione chimodzichimodzi. Mkatimo muli mabatire anayi obulungira aja timawatcha 18650, chifukwa ndi a mamilimita 18 m'mimba mwake ndi 65 m'litali. Batire la msinkhu umenewu, ngakhale la makampani akuluakulu monga Samsung, LG kapena Panasonic, limathera cha m'ma 3500mAh. Anayi abwino kwambiri angakupatseni 14000mAh basi. Kuti mufike 50000 pafunika mabatire 14 kapena 15, ndipo lililonse limalemera magalamu 45 mpaka 50. Mabatire okhawo angakwane magalamu 700, osawerengera chikhokho. Chinthu chotere sichingalowe m'thumba la siketi.

Tsono onani pepala lokutira mabatirewo. Alembapo 9900mAh ndi zilembo zazikulu, pali ndi chithunzi cha moto. Batire la 18650 la 9900mAh kulibe. Enieni nthawi zambiri salembapo n'komwe mAh mokuwa chonchi. La Samsung mwachitsanzo limangokhala ndi timalemba tamadonthomadontho ngati `INR18650-35E`, chikutiro chake cha mtundu umodzi, chopanda zokongoletsa.

Kumbuyo kwa chikhokho alemba 50000mAh, pansi pake 37Wh. Manambala awiriwa akutsutsana okha. 50000mAh pa 3.7V ndi 185Wh, pamene 37Wh ndi ya pawabanki ya 10000. Anangokopera malemba a ina n'kusintha nambala imodzi. Liwu loti `Capacity` alilembanso `Capactiy`, ndipo palibe dzina la kampani kapena nambala ya mtundu wake.

Mnyamata wa kabaza wa moto: Ine ndikuona timadontho ta wedelera pamutu pa mabatirewo. Ndinamva kuti batire likakhala ndi timadontho timeneto ndiye kuti ndi lakale, analichotsa m'laputopu.

Wokonza mafoni ku Ndirande: Mwagwira theka, mphwanga. Mkati mwa pawabanki timadontho tiyenera kukhalapo, chifukwa kalamba kachitsulo kolumikiza mabatire amakamata ndi makina owotcherera pang'ono, ndipo timaoneka tiwiritiwiri, tofanana, pamwamba pa kalambako. Chokayikitsa ndi timadontho tina pambali, pamene palibe kalamba, kapena malo opalidwa ndi tupa kuti zipsera zakale zifufutike. Pa chithunzi chachitatu, batire la kumanja likuoneka lopalidwa kumatako kwake, ndipo latsalira kachidutswa ka lamba wakale. Limenelo linagwirapo ntchito kwina, anangoliveka malaya atsopano. Enawo chithunzi chachita mdima, sindinganene. Koma mukamagula batire lapalokha la tochi, wogulitsa akuti ndi latsopano koma lili ndi timadontho, pamenepo mwalondola, lisiyeni.

Mphunzitsi wa ku Dedza: Nanga msoko wa chikhokho? Yanga ija inali ndi guluu wotuluka m'mbali.

Wokonza mafoni ku Ndirande: Zabwino zambiri msoko wake umakhala wothina, mwina womatidwa ndi makina, woti chikhadabo sichilowa. Guluu wotuluka kapena mpata ndi chizindikiro choipa. Koma ndaonapo zabodza za msoko wosalala bwino, ndiye chithunzi cha kunja chokha chisakunamizeni. Chimene sichinama ndi kachipangizo koyezera kolowetsa pa USB, kamawerenga moto wonse wotuluka mpaka pawabanki ithe.

Bambo a Juniya: Zonsezi mukuvutikiranji? SOLA. Ndipo batire la sola mugule lenileni, osati ngati limene anandigulitsa ine chaka chatha, lolembedwa 200Ah koma wailesi yakanema imazima nkhani za madzulo zisanathe.

Nachisale: Ndiye kuti ndi kusola komwe kuli akuba, bambo? Mwatiuza nokha.

Bambo a Juniya: Imeneyo ndi nkhani ina, mayi, musasokoneze.

Namwino wa usiku: Inu mukukangana, koma mayiwa anati imatentha ndipo yatsegulidwa ndi mpeni. Mayi, musaitchajenso, makamaka usiku pafupi ndi mabelo a kaunjika. Mabatire amenewa akabooka kapena mawaya akagundana amayaka moto wovuta kuzimitsa. Muichotse m'nyumba, muiike pamthunzi pa simenti kutali ndi ana, ndipo musaiponye kudzala kumene mumaotcha zinyalala.

Membala wosatchula dzina: Zikomo anamwino, ndaitulutsa panja. Lisiti sanandipatse, anangoti ndikabwere ikavuta. Mawa ndipita ndi zithunzizi ndikamuonetse za 37Wh zija. Akakana kubweza ndalama n'kunena kuti ndisinthe ndi ina, nditenge kapena ayi? Ali nazo za 30000 zokhala ndi kasola pamwamba.

Bambo a Juniya: Mwaona? Sola!

Wokonza mafoni ku Ndirande: Kasola kameneko n'kakang'ono kwambiri, kangatenge masiku ambiri padzuwa kuti kadzaze, ndipo kuanika batire padzuwa kumaliononga. Musanatenge, jambulani kumbuyo kwake mutumize pano. Ngati pali 30000mAh pakhale 111Wh, ndipo ilemere kuposa theka la kilo.