V̇ ikufika pa 0 jenereta isanakhazikike, ndilembe chiyani mu lipoti?

Wamagetsi: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi jenereta imodzi yolumikizidwa ku gridi yayikulu:

```
M·dω/dt = Pm − Pmax·sin δ − D·ω,   dδ/dt = ω
V = ½Mω² − Pm(δ − δs) − Pmax(cos δ − cos δs)
```

Apa δ ndi ngodya ya rota, ω ndi kusiyana kwa liwiro lake ndi la gridi, V ndi fankishoni ya Lyapunov, osati voteji. Pm = 0.5, Pmax = 1, ndiye δs, ngodya yokhazikika, ndi madigiri 30. Ndikawerengera ndikupeza V̇ = −Dω². Vuto ndi loti paliponse pamene ω = 0, V̇ nayo ndi 0, ngakhale δ ili kutali. Abwana akufuna umboni woti makina amabwereradi pa 30, osati kungoyendayenda pafupi.

Nachisale: Bwanji osangowongola ikweshoniyo pa δs, achimwene? Mupeza Ms² + Ds + 0.866 = 0, mizu yonse ili kumanzere, nkhani yatha.

Wamagetsi: Zoona achemwali, koma zimenezo zikunena za pafupi penipeni basi. Sizikundiuza kuti ngodya ingakankhidwe mpaka pati.

Mphunzitsi: V yanuyo musayitaye, ili bwino. Mfundo ya Lyapunov ya 1892 yakufikitsani poti makina sathawa. Chatsala mutenge kwa LaSalle, 1960. Musafunse kuti V̇ ndi 0 pati, funsani kuti makina angakhalitse pati V̇ ili 0. Kuti ω ikhalebe 0, dω/dt nayonso ikhale 0, kutanthauza sin δ = 0.5. Ndiye ndi pa 30 kapena pa 150 pokha. Kwina konse, tinene pa 80, ngodya ya rota imangoima kamphindi, Pm − Pmax·sin δ nkuibweza, V nkuyambanso kutsika.

Tsono tsekerani 150 kunja. Werengerani V pamenepo, ω = 0, ngodya mu maradiyani: −0.5(2.094) + 1.732 = 0.685. Chilichonse choyambira pa V yochepera 0.685 chibwerera pa 30.

Wa ma rilei: Ifetu tinangochepetsa nthawi yodula folti, zinatheka.

Mphunzitsi: Limenelo ndi funso lina bambo, ngakhale 0.685 yomweyi ndi imene ingakupatseni nthawiyo. Koma Wamagetsi, samalani apa: mukadutsa 150, V imatsikanso pansi pa 0.685, pamene makina athawa kale. Mu lipoti mulembe kuti mukunena chigawo chozungulira δs chokha, δ kuyambira cha pa −39 kufika 150. Mukaiwala mzere umenewo umboni wonse wagwa.

Nachisale: Nanga majenereta akakhala atatu, mawaya ali ndi rezisitansi? Ine V̇ yanga ikutuluka ndi chidutswa chosadziwika ngati ndi + kapena −.

Mphunzitsi: Simunalakwitse masamu. Chidutswacho chimadalira njira imene ngodya zadutsa, ndiye V yoyera ngati iyi siipezeka. Ambiri amangoganizira kuti njirayo ndi yowongoka, koma pamenepo ndi kuyerekeza, si umboni.

Nachisale: Ndiye ndilembe "kuyerekeza" mu lipoti? Sadzalola. Ndikutumizirani matrikisi yanga madzulo muione.