Ndithandizeni kumuchotsa pa chithunzi

Moni nonse. Ndili ndi chithunzi chomwe tidajambulitsa ku Senga Bay, pomwe pali malemu agogo anga. Vuto ndi loti palinso bambo amene tidasiyana, ndipo dzanja lake lakoleka paphewa pa agogo.

Kudula m'mbali sikungatheke, waima pakati. Pa Snapseed ndayesa "Healing", thupi lidachoka, koma maluwa a chitenje cha agogo adapakika ngati phala, zala zitatu n'kutsala paphewapo. Mthunzi wake udakali pamchenga, wadutsanso pamapazi a mchemwali wanga. Wa situdiyo ku Salima adangomata mtengo pamalopo, zosaoneka bwino.

Chithunzicho ndi cha pa WhatsApp, choyambirira chidapita ndi foni yakale. Kodi phewalo ndingalikonze pokopera nsalu ya phewa linalo? Nanga mthunziwo ndiyambe kuuchotsa pamchenga kapena pamapazi?