Gulu la Chitukuko cha Kwathu ku Jali: nthawi youlutsira mapemphero a chiliza

Mlembi, Mayi Nachisale (Matawale): Zikomo akuluakulu. Foni, choimikapo chake ndi pawabanki zimene tinasonkherana zija ziyamba ntchito Loweruka pa 31 Okotobala 2026, pa mapemphero a chiliza cha malemu msungichuma wathu. Abanja akuti tiyambe 10 koloko m'mawa monga mwa nthawi zonse. Ana a malemuwo ali ku Leeds, ku Indiana ndi ku Perth. Tithandizane, nthawi imeneyi iwakomera?

Bambo Kalonga (Indiana): 10 koloko ya ku Zomba tsiku limenelo kuno ndi 4 koloko mbandakucha. Ku Texas ndi 3 koloko, ku Seattle 1 koloko usiku. A ku Leeds ndi 8 m'mawa, a ku Perth 4 madzulo, amenewo alibe vuto. Ovutika ndi a ku Amereka okha, ndipo mwana woyamba wa malemu ali kuno.

Achimwene Jana (Joni): Ife kuno tili patsogolo ndi ola limodzi, musatiiwale powerengera.

Bambo Kalonga: Ayi achimwene, Joni ndi Zomba wotchi ndi imodzi chaka chonse. A ku Tanzania ndi ku Kenya ndiwo ali patsogolo ndi ola limodzi.

Anambewe (Leeds): Pepani a Kalonga, koma kuno timasiyana ndi kwathu ola limodzi lokha. Mayi ndikamawaimbira masiku ano 6 koloko madzulo, kwawo imakhala 7. Ndiye 10 koloko ikhala 9 kuno, osati 8.

Bambo Kalonga: Lero mukunena zoona, koma pa 31 sizikhala choncho. Ku Malawi wotchi sitisuntha. Kwanuko mumaibweza ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Okotobala, chaka chino pa 25, ndipo kuyambira pamenepo mumatsalira maola awiri mpaka Lamulungu lomaliza la Malichi. Ife ku Amereka timabweza Lamulungu loyamba la Novembala, pa 1, mawa lake la mwambowu. Tsono pa 31 inu mudzakhala mutasintha kale, ife tisanasinthe: Leeds maola awiri kumbuyo, Indiana asanu ndi limodzi. Mwambo ukasunthidwa kufika pa 7 Novembala, Indiana idzakhala maola asanu ndi awiri kumbuyo, ndipo zonse ndalembazi tiwerengerenso. Perth sasintha, amakhala patsogolo maola asanu ndi limodzi chaka chonse. Sydney ndiye amasintha mosemphana nafe, pa 31 adzakhala patsogolo maola asanu ndi anayi.

Ine ndikupempha 2 koloko masana. Leeds 12 masana, Indiana 8 m'mawa, Texas 7, Perth 8 usiku. Ana onse atatu adzakhala ali maso.

Che Bwanali (Songani): Papepala zili bwino bambo, koma ine ndi amene ndimagwira foni. Kumapeto kwa Okotobala 2 koloko ku Jali dzuwa limakhala likuswa mtengo. Foni ikamaulutsa kwinaku ikutchajidwa pa pawabanki imatentha yokha, ndiye ikhalenso padzuwa, imayamba kuda sikirini, kenako imatseka kamera osakufunsani. Kutchalitchi tili pamthunzi, koma kumanda kulibe tenti. Pamafunika munthu wachiwiri wogwira ambulera, ndi kuvula chikuta cha foni kuti izipuma.

China, dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane. Mapemphero maola awiri, ulendo wa kumanda, zoyankhula, nkhata, kenako chakudya. Tikachedwa kuyamba ndi ola limodzi, zimene zimachitika, anthu a ku Mayaka ndi ku Chingale adzasowa zokwera. Komanso chizimalupsa chimakonda kugwa masana nyengo imeneyi.

Mayi Nachisale: Amayi ophika nawonso sangasunge anthu ndi njala mpaka 5 koloko. Tikati masana, adye kaye.

Agogo Mlanga (Domasi): Ana inu, kodi maliro nawonso muziwaikira nthawi ya ku Amereka? Nthawi yoika maliro amanena ndi amfumu, eni mbumba ndi abusa, adzukulu akamaliza kukumba. Kwa abale athu achisilamu sagoneka n'komwe thupi podikira munthu wakutali.

Bambo Kalonga: Ayi agogo, maliro sitingawasunthe. Pamaliro ntchito yathu ndi kufunsa nthawi imene eni ake agwirizana, n'kuitembenuzira akunja, basi. Ndipo mwambo wa tsiku loika umakonda kufika pachimake masana, zimene zimatikomera kale. Tikukambirana za chiliza chifukwa tsiku lake ndi lochita kusankha.

Che Bwanali: Ndiye tigawe pawiri. Sikuti zonse ziulutsidwe pompopompo. Misa kapena mapemphero a m'tchalitchi ayambe 11 koloko, ine ndijambule mufoni osaulutsa. Anthu adye. 1 koloko ndiyatse, tili kumanda, povundukula chiliza, kuika nkhata ndi mawu a abanja, ola limodzi. Ku Indiana idzakhala 7 m'mawa, Leeds 11, Perth 7 usiku, Sydney 10 usiku. Zimene ana akufuna kuona ndi maso zili pamenepo. Zimathandizanso bandulo: kuulutsa pa 720p kumadya pafupifupi 1 GB pa ola, ndiye ola limodzi ndi 2 GB ya chitetezo takwana. Ndidzapita Loweruka la pa 24, 1 koloko yomweyo, kukayesa SIM ya TNM ndi ya Airtel pamanda penipenipo. Timizere ta netiweki tisakunamizeni, timatha kudzaza chikhalirecho vidiyo ikukana kukwera. Poyesa ndimaulutsa mphindi zisanu, wina ali kutali n'kundiuza ngati nkhope zikuoneka kapena zikungoima.

Anambewe: Ife ambiri kuno timagwira ntchito yosamalira okalamba, mashifiti a usiku amatha cha m'ma 8 m'mawa. 11 koloko munthu amakhala atangogona. Kwa ine 8 ija inali bwino, ndikanaonera m'basi.

Mayi Chikondi (Seattle): Nanga ife? 1 koloko yanuyo kuno ndi 4 mbandakucha.

Bambo Kalonga: Kuyambira Seattle mpaka Sydney pali maola 18, palibe nthawi yokomera onse. Tiyambe ndi ana a malemu, ena tidzaonera pambuyo. Koma polemba uthenga tisamale. Tisalembe "1 koloko" pokha. Tilembe tsiku, deti ndi mzinda, mzere uliwonse pawokha: Zomba Loweruka 13:00, Leeds Loweruka 11:00, choncho. Tsiku ndi lofunika chifukwa mwambo woyamba 8 koloko m'mawa Loweruka ku Zomba, ku Seattle ikadali 11 usiku Lachisanu, ndipo munthu akangowerenga "Loweruka" amadzuka zonse zitatha. Tisadalirenso kuwerenga ndi zala. Pa wotchi ya mufoni mizinda ija imaonetsa kusiyana kwa lero, osati kwa pa 31.

Achimwene Jana: Tidzaonera pa WhatsApp?

Che Bwanali: Kuimba kwa vidiyo pa WhatsApp kumathera pa anthu 32, ndipo wina akaiwala kutseka maiki mwana wake amamveka kumanda. Zoom yaulere imadula pa mphindi 40. Ine ndikonda YouTube, linki ya Unlisted, kuti aone okhawo amene ali ndi linkiyo. Koma kuulutsa pafoni kumafuna masabusikiraiba 50, ife tili ndi ochepa, ndipo poyatsa koyamba pamafunika kudikira mpaka maola 24. Lembetsani sabata ino. Tikalephera tigwiritsa Facebook, koma kumeneko vidiyo zoulutsidwa zimafufutidwa pakatha masiku 30, ndiye a ku Seattle musazengereze, ndipo ine ndisunga kope.

Mayi Nachisale: Ndikapereka maganizo awiriwa kwa amalume a banja ndi abusa, 1 koloko kumanda kokha kapena 2 koloko zonse. Kwaya ili ndi ukwati madzulo omwewo, ndiye mwina asankha okha ndi iwowo. Anambewe, funsani mwana wa malemu wa ku Leeds ngati angasinthane shifiti ya Lachisanu usiku, mutiuze pofika Lachitatu.